Akafunsa za malipiro mu imelo yoyamba yofunsira ntchito kuno ku Joni: mafunso ndi mayankho

Ndakhala zaka zingapo mu ofesi yokonza malipiro a antchito pa kampani ina ku Germiston. Chifukwa cha ntchito imeneyo, tikaweruka kutchalitchi ku Rosettenville sipalephera munthu wondikokera pambali, foni ili m'manja, kuti ndimuwonere imelo asanaitumize. Sivi imakhala ili bwino, Chingerezi chili bwino. Pamene ambiri amakakamira ndi pa mzere umodzi wa kumapeto kwa chilengezo cha ntchito, wofunsa za ndalama. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri, ndipo ndawayankha monga momwe ndimayankhira tikakhala pansi awiri.

Kodi akamafunsa za malipiro amakhala akufuna kudziwa chiyani kwenikweni?

Mzere umene mumauwona nthawi zambiri umakhala wotere:

```
Please state your current CTC and expected salary.
```

Mu mzere umodziwu muli mafunso awiri, ndipo si ofanana ngakhale pang'ono. Loyamba likufunsa zimene mukulandira panopa, kapena zimene munkalandira kumene munachoka. Imeneyi ndi nkhani yochitika kale, ili pa pepala, ndipo angathe kuitsimikiza. Lachiwiri likufunsa zimene mukufuna kuti akulipireni. Limeneli ndi mtengo umene mukuika pa ntchito yanu, ndipo palibe pepala limene lingakutsutseni.

Wolemba ntchito amafunsa pa zifukwa ziwiri. Ali ndi ndalama zimene anaika padera pa mpandowo, ndiye safuna kutaya nthawi ndi munthu wofuna R30,000 pa ntchito ya R15,000. Chifukwa chinacho sachinena: akadziwa zimene mukulandira, amadziwa poyambira. Ndawonapo kangapo m'maofesi mwathu kuti mpando unaikidwira ndalama zabwino, koma munthu n'kupatsidwa malipiro ake akale owonjezerapo pang'ono, chifukwa choti anaulula yekha kuti amalandira zochepa.

Ndiye musanalembe kanthu, werengani mzerewo kawiri kuti muwone ngati afunsa zonse ziwiri kapena chimodzi. Ngati afunsa zoyembekezera zokha, musawonjezerepo mbiri ya malipiro anu mwaulere.

CTC ndi chiyani? Ine ndimadziwa ndalama zimene zimalowa ku banki.

Apa ndi pamene Amalawi ambiri timagwera, ndipo ndikhalitsapo.

Kwathu tikafunsana kuti "umalandira zingati", timatchula ndalama imodzi ya pamwezi, basi. Kuno munthu mmodzi amakhala ndi ndalama zitatu zosiyana pa ntchito imodzi. Pali imene imalowa m'thumba atadula zonse. Pali besiki, yomwe ndi malipiro asanadule msonkho. Ndiye pali CTC, kutanthauza zonse zimene kampani imawononga chifukwa chokhala ndi inu: besiki, gawo limene kampani imakuikirani ku penshoni, gawo lake la sikimu ya chipatala ngati ilipo, ndi bonasi ya Disembala ngati inalembedwa mu kontilakiti.

Nditenge nkhani ya mlamu wanga. Amawerengera katundu pa nyumba ina yosungira katundu ku City Deep. Besiki yawo inali R12,000 pamwezi. Kampani inkawaikira R900 ku penshoni, iwonso ankadulidwa R900 yopita komweko. Disembala aliyense ankalandira malipiro a mwezi wina wowonjezera, R12,000, yomwe mukaigawa pa miyezi 12 ndi R1,000 pamwezi. Mukaphatikiza 12,000 ndi 900 ndi 1,000, CTC yawo ndi R13,900 pamwezi, kapena R166,800 pachaka.

Nanga m'thumba? Pa R12,000 ija chotsani R900 ya penshoni. Chotsani UIF, ndalama yopita ku thumba lothandiza anthu amene ntchito yawathera, yomwe ndi 1 peresenti, pafupifupi R120. Chotsaninso msonkho wa PAYE. M'chaka cha msonkho choyambira Malichi 2025, munthu wolandira ndalama zosapitirira R237,100 pachaka ankadulidwa 18 peresenti, kenako boma n'kumukhululukira R17,235 pachaka. Kwa mlamu wanga zimenezi zinkatanthauza msonkho wa pafupifupi R560 pamwezi. Zotsala zinali pafupifupi R10,400.

Munthu mmodzi, ntchito imodzi: R10,400, R12,000 ndi R13,900. Zonse ndi zowona. Koma pakati pa yaing'ono ndi yaikulu pali R3,500, ndipo wowerenga imelo yanu sangalote kuti mwatchula iti ngati simunanene.

Ndikatchula ndalama yolakwika chimachitika n'chiyani?

Chimene chinawachitikira mlamu wangayo. Anawona ntchito yofanana ndi yawo ku Midrand, chilengezo chinafunsa CTC, iwo analemba R12,000 osawonjezerapo liwu lililonse. Anaitanidwa ku intavyu, anakhoza, ndipo kalata inabwera yonena kuti adzalandira R13,000 CTC. Anandiimbira foni usiku womwewo, mawu ali m'mwamba.

"Alamu, zatheka. Andiwonjezera sauzande yonse."

Ndinawapempha kuti anditumizire chithunzi cha kalatayo. Nditaiwerenga ndinawafunsa ngati R900 ya penshoni ya kampani ili mkati mwa R13,000 kapena pamwamba pake. Anati sakudziwa. Ndinafunsa za bonasi ya Disembala. Anakhala chete, kenako anati, "Alamu, kodi si paliponse pamene amapereka?" Ayi, si paliponse. Palibe lamulo la dziko lonse lokakamiza kampani kupereka malipiro a mwezi wa 13. Amabwera ngati ali mu kontilakiti kapena mu mgwirizano wa gulu la ntchito yanu.

M'mawa mwake anafunsa, ndipo yankho linali limene ndinkaliwopa. Penshoni inali mkati, bonasi kunalibe. Ndiye kuti besiki yeniyeni inali R12,100, ndipo m'thumba mukanalowa pafupifupi R10,500. Phindu la pamwezi linali losakwana R100, bonasi ya Disembala yatayika, pomwe ulendo wochokera ku Rosettenville kupita ku Midrand ndi wa mataxi awiri m'mawa, awiri madzulo. Kampaniyo sinawabere. Inatenga R12,000 ija ngati CTC, monga inafunsira, n'kuwonjezerapo R1,000. Anakana ntchitoyo ali ndi chisoni, chifukwa anali atauza kale akazi awo kuti zinthu zisintha.

Chizindikiro choti zoterezi zikukuchitikirani n'chosavuta: kalata ikatchula ndalama imodzi yokha, popanda kuigawa kuti besiki ndi iyi, penshoni ndi iyi, pemphani kuti akupangireni peyisilipi yoyerekezera. Maofesi a malipiro timapanga zimenezi nthawi zonse, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Kodi lamulo limawalola kufunsa malipiro anga akale? Ndiyenera kuyankha?

Palibe lamulo la South Africa limene ndinagwirapo nalo ntchito loletsa funsoli, ndipo palibenso lokukakamizani kuyankha. Mu 2025 chipani cha Build One South Africa chinabweretsa bilu yofuna kuletsa olemba ntchito kufunsa malipiro akale, koma bilu si lamulo mpaka itadutsa ku nyumba ya malamulo ndi kusainidwa.

Ena amandiuza kuti kontilakiti yawo imawaletsa kuuza munthu aliyense za malipiro awo. Lamulo la kagwiridwe ka ntchito la BCEA, pa gawo 78, limapatsa wantchito ufulu wokambirana za ntchito yake ndi anzake, ndi bwana wake, ngakhalenso ndi munthu wina aliyense. Ndiye kunena kapena kusanena ndi chisankho chanu.

Chowona chake n'chakuti kukana kuli ndi mtengo wake. Ngati ntchito ndi ya anthu ambiri, monga ya pa kauntala kapena ya m'nyumba zosungira katundu, wosankha amalandira maimelo mulu, ndipo amayamba kutaya amene sanatsate zimene anapempha. Ngati muli ndi luso losowa, monga kuwotcherera zitsulo muli ndi mapepala ake kapena kusunga mabuku a ndalama, mungathe kukana mwaulemu ndipo adzakuitanani ndithu. Mmene ine ndimawonera, funso la zoyembekezera liyankheni nthawi zonse. La malipiro akale liyankheni pamene ndalamayo ikukuthandizani, ndipo lizengerezeni pamene ikukukokerani pansi.

Ndiwerengere bwanji ndalama zimene ndikuyembekezera?

Yambirani pansi, osati m'mwamba. Pezani kaye ndalama imene mukaipatsidwa simunapindule ndiponso simunaluze.

Patapita miyezi ingapo mlamu wanga anawona ntchito ina, ku Midrand komweko, ndipo ulendo uno tinakhala pansi ndi pepala. Tinayambira pa CTC yawo, R13,900. Kenako thiransipoti. Iwo anawerengera kuti ulendo watsopano uziwadyera R40 yowonjezera patsiku, ndipo pa masiku 22 a ntchito ndi R880. Koma R880 imeneyo imachoka m'thumba, msonkho utadulidwa kale. Pa randi iliyonse yowonjezera boma limatengapo masenti 18 ndipo UIF imatenga senti imodzi, kutsala masenti 81. Kuti m'thumba mulowe R880, kampani iyenera kuwonjezera pafupifupi R1,100. Ndiye R13,900 kuphatikiza R1,100 ndi R15,000. Pa R15,000 mlamu wanga akanangosintha malo ogwirira ntchito n'kumadzuka m'mamawa kwambiri, osapindula kanthu.

Chachiwiri ndi kudziwa zimene ntchitoyo imalipira kunjaku. Tinatsegula masamba a pa intaneti olengeza ntchito a PNet, Careers24 ndi Indeed, n'kufufuza zilengezo za ntchito yomweyo mu Gauteng zimene zinatchula ndalama. Zambiri zimangolemba `market related`, koma mukafufuza modekha mumapeza zingapo zotchula. Tinasamala kuwona ngati ndalamayo ndi ya pamwezi kapena pachaka, komanso ngati ndi CTC kapena besiki. Mlamu wanga anafunsanso mnyamata wina wa kwathu ku Mulanje amene amagwira ntchito yomweyo ku Kempton Park. Ntchito zina, monga zoyendetsa mathiraki ndi za ulonda, malipiro ake otsikitsitsa amakhazikitsidwa ndi makhonsolo a mabwana ndi mabungwe a antchito, ndipo amasindikizidwa poyera. Ngati ntchito yanu ili m'gulu limenelo, yambani mwawona kumeneko.

Zimene tinapeza zinatilola kulemba R16,500 mpaka R18,000. Mukamalemba ndalama ziwiri chonchi, dziwani kuti diso la bwana limagwera pa yaing'onoyo. Ikhale ndalama imene mungasainire mawa popanda kudandaula, ndipo ikhale pamwamba pa ndalama yanu yosapindula ija. Mpata wa pakati usakule kwambiri. Munthu wolemba R12,000 mpaka R25,000 amawoneka kuti sadziwa mtengo wa ntchito yake.

Ndilembe mawu otani, ndipo ndiwaike pati mu imelo?

Aikeni kumapeto, mutanena kale ntchito imene mukufunsira ndi zimene mumatha. Mizere iwiri yakwana. Imelo ya mlamu wanga inatha motere:

```
Current CTC: R13,900 per month (basic R12,000, provident fund, 13th cheque).
Expected CTC: R16,500 to R18,000 per month, depending on benefits.
```

Onani kuti ndalama iliyonse yavala dzina lake: ndi CTC, ndi ya pamwezi, ndipo zimene zili mkati mwake zatchulidwa. Mawu omalizawo akutsegula khomo loti ngati kampani ili ndi sikimu ya chipatala kapena galimoto yonyamula antchito, mungathe kukambirana. Ngati chilengezo chatchula ndalama za pachaka, inunso lembani za pachaka: R16,500 kuchulukitsa ndi 12 ndi R198,000.

Ngati mwasankha kusaulula malipiro apano, musalumphe funsolo ngati simunaliwone. Nenani kuti mwaliwona ndipo mudzaliyankha pa nthawi yake:

```
My expected CTC is R16,500 to R18,000 per month.
I am happy to discuss my current package at interview stage.
```

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musafotokoze mavuto anu pofuna kulungamitsa ndalamayo. Ndawerengapo maimelo onena za lendi ya chipinda ku Yeoville, fizi ya ana ku Zomba, mayi odwala kumudzi. Zonsezo ndi zowona ndipo ndimazidziwa, inenso ndimatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse. Koma wowerengayo akawona zimenezo amazindikira kuti muli pa mpanipani ndipo mulandira chilichonse. Chifukwa choyenera kulemba ndi zaka zimene mwagwira ntchitoyo ndi zimene mumadziwa kuchita.

Bwanji ndingolemba kuti tidzakambirana?

Ambiri amalemba `negotiable` poganiza kuti ndi ulemu, monga momwe kwathu sitithamangira kutchula mtengo pamaso pa wamkulu. Koma ngati afunsa ndalama, liwu limeneli palokha si yankho. Wosankha amaliwerenga ngati kuzemba, kapena ngati chilolezo choti aike yekha mtengo. Lembani ndalama, kenako muwonjezere liwulo ngati mukufuna.

Pamene limagwira ntchito palokha ndi pamene chilengezo chatchula kale ndalama zimene akupereka ndipo mwagwirizana nazo. Pamenepo mungonena kuti zimene atchulazo zikugwirizana ndi zimene mukuyembekezera. Ngati muli ndi zaka zambiri pa ntchitoyo, onjezerani kuti mukuyang'ana chakumtunda kwa ndalamazo.

Ntchito yanga yomaliza inali ku Malawi, ndinkalandira makwacha. Ndisinthe kukhala marandi?

Ayi. Ili ndi funso limene limandipweteka mtima, chifukwa ndawona anthu ophunzira bwino akudzigwetsa nalo okha.

Mayi wina amene anasunga mabuku a ndalama pa kampani ina ku Limbe kwa zaka zisanu ndi chimodzi anasintha malipiro ake a makwacha pa foni n'kulemba zimene zinatuluka. Inali ndalama yochepa kuposa imene wogulitsa mu shopu amalandira kuno. Wowerenga wa ku Sandton sadziwa mtengo wa nyumba ku Chilomoni kapena wa thumba la chimanga ku Lunzu. Amangowona ndalama yaing'ono, n'kuganiza kuti mwina ntchito inali yaing'ono, kapena kuti wapeza munthu wotchipa.

Kusinthako pakokha n'kosadalirika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene malipiro ake sanasinthe, ntchito yake sinasinthe, anadzuka m'mawa akuwoneka ngati wotsika mtengo akawerengeredwa m'marandi. Komanso malipiro a kwathu nthawi zambiri amayenda ndi zina zimene sitiziwerengera: alawansi ya nyumba, mafuta a galimoto, ndi 10 peresenti imene bwana amaika ku penshoni motsatira lamulo la ku Malawi.

Chochita n'kunena m'chiganizo chimodzi kuti ntchito yanu yomaliza inali ku Malawi, malipiro anali a makwacha ndipo sangafanizidwe ndi a kuno, kenako n'kupereka ndalama zimene mukuyembekezera motengera msika wa ku Gauteng. Palibe bodza pamenepo, ndipo olemba ntchito ozindikira amamvetsa. Akaumirira ku intavyu, tchulani ndalamayo m'makwacha momwemo pamodzi ndi maalawansi ake, osaisintha.

Ndakhala ndikugwira maganyu, kulipidwa pamanja, popanda peyisilipi. Nanga ine?

Ambiri a ife tinayambira pamenepo: m'mashopu a ku Fordsburg ndi Mayfair, m'minda ya maluwa ku Randburg, m'nyumba za anthu. Malipiro otere nthawi zambiri amakhala otsika, ndipo mukawalemba ngati mbiri yanu amakutsatirani ku ntchito yatsopano.

Dziwani kaye pansi pamene lamulo linaika. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anali R28.79 pa ola, ndipo amawunikidwanso chaka ndi chaka, choncho fufuzani a chaka chino. Kuyambira mu 2022 antchito a m'nyumba amalandira mlingo womwewo, ndipo lamuloli silisankha kuti ndinu mbadwa kapena mlendo. Pa mlingo wa 2025, tsiku la maola 8 ndi R230.32. Sabata ya maola 45, yomwe ndi malire a maola wamba, ndi R1,295.55, ndipo pofuna kupeza za pamwezi lamulo limachulukitsa za pasabata ndi 4 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, zomwe zikupereka pafupifupi R5,614. Ndalama zimene mukuyembekezera zisatsike kuposa mlingo wa lamulo wa chaka chino, zivute zitani. Matipi, chakudya ndi ndalama ya thiransipoti siziwerengedwa ngati mbali ya malipiro otsikitsitsawa.

Pa ntchito zolipidwa patsiku, lembani mtengo wa tsiku pamodzi ndi maola ake, chifukwa "R300 patsiku" pa maola 8 ndi ina, pa maola 12 ndi inanso. Ngati ntchito ndi yogonera komweko, funsani za chipinda: kwa wantchito wa m'nyumba, bwana saloledwa kudula zoposa 10 peresenti ya malipiro chifukwa cha malo ogona.

Za malipiro akale, nenani zowona mwachidule, kuti munkagwira ntchito yolipidwa patsiku ndipo ndalama zinkasinthasintha. Kenako pitani ku zimene mukuyembekezera.

Ndikawonjezerako pang'ono pa malipiro anga apano, adziwa bwanji?

Adziwa. Makampani ambiri kuno, makamaka odzera kwa maejenti, amapempha peyisilipi yaposachedwa asanalembe kalata yokupatsani ntchito, ena amapempha za miyezi itatu. Mukalemba R16,000 pomwe pepala likunena R12,000, nkhani imathera pomwepo, ndipo ejentiyo sadzakutumizaninso kwina. Zikadziwika mutayamba kale ntchito, bodza la pofunsira ntchito ndi chifukwa chokwanira kuchotsedwa, ndipo ku CCMA, bungwe loweruza milandu ya pantchito, mlandu wotere ndi wovuta kuwina. Kusintha manambala pa peyisilipi ndiye ndi mlandu wa chinyengo, wofika nawo kupolisi.

Chimene ndimawauza anthu n'chakuti ambiri safunika kunama, amangofunika kuwerengera zonse. Mlamu wanga anachoka pa R12,000 kufika pa R13,900 popanda kuwonjezera senti yabodza. Ngati mumagwira ovataimu mwezi ndi mwezi kapena mumalandira komishoni, tengani miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, pezani ya pakatikati, n'kuilemba padera ndi dzina lake. Musaisakanize ndi besiki, chifukwa pa peyisilipi zimawoneka mizere yosiyana. Fomu ya IRP5 imene kampani imakupatsani chaka chilichonse imasonyeza zonse zimene munalandira m'chakacho, ndipo ndi poyambira pabwino ngati mapeyisilipi ena munataya.

Apempha kuti nditumize peyisilipi pamodzi ndi sivi. Nditumize?

Mu imelo yoyamba, ine ndimati dikirani. Pa peyisilipi pamakhala nambala ya pasipoti kapena chitupa, nambala ya akaunti ya ku banki, nambala ya msonkho, nthawi zina ndi adiresi ya kunyumba. Simukudziwa amene ali kuseri kwa imelo imeneyo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limati wotolera zinthu zokhudza munthu atenge zokhazo zofunika pa cholinga chake. Pa tsiku loyamba, munthu asanakuwoneni n'komwe, akaunti yanu ya ku banki saifunikira.

Lembani kuti mudzapereka peyisilipi mukafika pokambirana za kulembedwa ntchito. Ngati kampaniyo mwaitsimikiza kuti ndi yeniyeni ndipo ikuumirira, phimbani manambala a banki ndi a pasipoti musanajambule.

Chenjerani ndi chilengezo chimene chimalonjeza ndalama zambiri pa ntchito yosafuna luso, chochokera ku adiresi ya Gmail, chopempha peyisilipi, chithunzi cha pasipoti ndi kandalama "kolembetsera". Lamulo la 2014 loyang'anira maejenti a ntchito limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito kuti amupezere ntchito. Ejenti weniweni amalipidwa ndi kampani imene ikufuna munthu.

Fomu ya pa intaneti ikungolola nambala imodzi. Ndiike iti?

Werengani kaye mutu wa bokosilo kuti mudziwe ngati likufuna ya pamwezi kapena ya pachaka. Ndawonapo munthu atalemba 17000 m'bokosi la pachaka, makina n'kumuika m'gulu la anthu ofuna R1,400 pamwezi. Ikani nambala ya pakati pa ziwiri zanu zija kapena kupitirirako pang'ono. Musaike 0 kapena 1 pofuna kuzemba, chifukwa mafomu ena amasefa okha. Ngati pali bokosi la ndemanga, fotokozani mmenemo kuti nambalayo ndi CTC ya pamwezi.

Chilengezo sichinafunse za ndalama. Nditchule ndekha?

Ayi. Dikirani afunse.

Ndalemba kale ndalama yochepa ndipo andiitana ku intavyu. Ndingasinthe?

Mungathe, malinga muli ndi chifukwa chimene mungachinene poyera, ndipo muchinene msanga, kalata isanalembedwe. Kalata ikatuluka ndiye kuti ndalamayo yadutsa kale kwa mabwana awiri kapena atatu, ndipo kuibweza kumakhala kovuta kwa amene anakusankhaniyo.

Zifukwa zomveka ndi ziwiri. China n'chakuti munalakwitsa mtundu wa ndalama, munalemba besiki pomwe anafunsa CTC. Nenani zimenezo mosabisa, peyisilipi ili m'manja, muwawonetse mzere wa penshoni ndi ndime ya bonasi mu kontilakiti. Chinacho n'chakuti ku intavyu mwamva zimene sizinali pa chilengezo: ntchito ya usiku, kugwira Lamlungu, kuyang'anira anthu ena, kugwiritsa ntchito galimoto yanu. Ntchito ikakula, mtengo wake umasintha, ndipo palibe amene angakudabweni.

Mlamu wanga ku intavyu yachiwiri ija anamva kuti azigwiranso Loweruka lililonse mpaka masana. Anafunsa ngati maola amenewo ali mkati mwa 45 a pasabata kapena ndi ovataimu, chifukwa ovataimu lamulo limati ilipidwe ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Anawayankha kuti ali mkati. Pamenepo anati Loweruka likuwonjezera masiku anayi a thiransipoti pamwezi, choncho akuyang'ana chakumtunda kwa ndalama zimene analemba. Anawapatsa R17,200 CTC, ndipo asanasaine anapempha peyisilipi yoyerekezera n'kunditumizira kuti tiwerengere limodzi.